Mmene mungalembere anzanu a m'kalasi uthenga woti mupange manotsi amodzi ogawana mitu

Mayeso akatsala milungu isanu, m'gulupu ya WhatsApp ya kalasi mumapezeka wina woponya mawu akuti: "Anzanga, bwanji tipange manotsi pamodzi?" Anthu angapo amavomera, ena amangoponya chala chachikulu, kenako nkhaniyo imakwiririka pansi pa zidziwitso za kalasi yosinthidwa nthawi ndi mafunso a ndalama za fotokope. Ganizolo silinali loipa. Chinavuta n'chakuti uthengawo unapempha anthu kuti agwirizane nalo, koma sunapatse aliyense chochita. Wowerenga sanadziwe kuti alembe chiyani, alembe pati, atalikitse bwanji, ndipo amalize liti.

Choncho malangizo anga ndi akuti uthengawo ukhale chinthu chomaliza kulemba. Muyambe mwakonza dokyumentiyo, mwagawa mitu, mwasankha malamulo ochepa a kalembedwe, ndipo uthenga ungobwera kudzaonetsa anthu chinthu chimene chilipo kale. Ndigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Tinene kuti ndinu ophunzira zaunamwino m'chaka choyamba, mulipo 36 m'kalasi, kosi yake ndi ya fiziyoloje, mwaiphunzira milungu 12, ndipo mayeso ali pa milungu isanu kutsogoloku. Dokyumenti yake tiikonza pa Google Docs, chifukwa ndi yaulere kwa aliyense amene ali ndi akaunti ya Google, imatseguka pafoni ndi pakompyuta, ndipo anthu ambiri angathe kulembamo nthawi imodzi.

Gawani mitu musanauze munthu aliyense

Tengani pepala la ndondomeko ya kosi limene alekichara anapereka kumayambiriro kwa semesita. Mitu yanu ichokere mmenemo. Musaitenge m'buku, chifukwa buku lili ndi machaputala ambiri amene simunaphunzire ndipo sadzabwera pa mayeso.

Anthu ambiri amalakwitsa pogawa mitu molingana ndi mayina ake. Amaona kuti kosi ili ndi mitu ikuluikulu isanu ndi umodzi, ndiye amafuna anthu asanu ndi mmodzi. Koma mituyo si yofanana kulemera. M'chitsanzo chathu, tinene kuti za mtima ndi magazi munaziphunzira milungu 3, za ubongo ndi mitsempha milungu 3, za impso milungu 2, za mahomoni milungu 2, za kapumidwe mlungu umodzi, ndi za kagayidwe ka chakudya mlungu umodzi. Wotenga mtima akhala ndi ntchito ya anthu atatu poyerekeza ndi wotenga kapumidwe. Iyeyu ndi amene adzachedwa, kapena adzangomata masilayidi a alekichara n'kunena kuti wamaliza, ndipo mutu wofunika kwambiri pa mayeso ndi umene udzakhale wofooka kwambiri m'manotsi anu.

Gawani monga momwe anthu amagawirana ndime m'munda: amayesa kutalika kwa mizere, osati kungowerenga mizereyo. Njira yosavuta ndi kuwerengera mlungu umodzi wa maphunziro ngati gawo limodzi. Mukatero mupeza magawo 12. Mtima ndi magazi zikhala magawo atatu: magazi enieniwo, kagundidwe ka mtima, ndi kuthamanga kwa magazi m'mitsempha. Impso zikhala magawo awiri: kasefedwe ka magazi, kenako mmene thupi limabwezerera madzi ndi mchere. Mukatha, yang'anani mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo ngati kulaibulale alipo. Mutu umene mukuona kuti umabwera kawirikawiri mungaugawe pawiri ngakhale munauphunzira mlungu umodzi wokha.

Malire a gawo lililonse alembedwe momveka. Kungolemba "Mtima 2" n'kosakwanira, chifukwa anthu awiri oyandikana adzalemba zinthu zofanana n'kusiya zina zapakati poganiza kuti mnzawo wazitenga. Lembani kuti gawolo likuyambira pa lekicha ya tsiku lakuti n'kuthera pa ya tsiku lakuti, kapena tchulani manambala a masilayidi. Mitu ina imadutsa malire mwachibadwa. Mahomoni amene amayendetsa kuthamanga kwa magazi amakhudza mtima, impso ndi mahomoni pa nthawi imodzi. Sankhiranitu gawo limodzi loti nkhaniyo ikhale kwawo, ndipo enawo azingolemba kuti "onani gawo 8."

Gawo lililonse likhale ndi mwini mmodzi ndi woliona mmodzi

Pa mfundo zonse, iyi ndi imene sindingalole kuti muisiye. Gawo limene mwalipereka kwa anthu atatu limakhala lopanda mwini, aliyense amadikira mnzake. Lembani dzina limodzi la wolemba. Kenako lembani dzina lachiwiri la munthu amene adzawerenga gawolo atatsegula buku kapena masilayidi pambali pake, kufunafuna zolakwika.

Woonayu ndi wofunika chifukwa manotsi ogawana ali ndi ngozi imene manotsi a munthu payekha alibe. Mukalakwitsa m'kope lanu, mwadzipweteka nokha. Mukalakwitsa m'dokyumenti ya kalasi, anthu 36 aloweza cholakwikacho, ndipo achikhulupirira kwambiri chifukwa chatayipidwa bwino. Tinene kuti wolemba za impso walemba kuti impso zimasefa malita 125 pa mphindi, pamene chiwerengero chenicheni ndi mamililita pafupifupi 125 pa mphindi, amene amakwana malita pafupifupi 180 pa tsiku. Wolembayo sangachione, chifukwa maso ake akuwerenga zimene anafuna kulemba. Wowerenga usiku woti mawa mayeso sangachionenso. Amene angachigwire ndi munthu amene wapatsidwa ntchito yofananitsa nambala iliyonse ndi buku.

Musayembekezere kuti onse 36 alowa. Akapezeka 24, theka lilembe, theka lione. Akapezeka 12 okha, aliyense alembe gawo lake n'kuona la mnzake wotsatira: wa gawo 1 aone gawo 2, wa gawo 2 aone gawo 3, mpaka wa gawo 12 aone gawo 1. Musalole anthu awiri kungosinthana okhaokha, makamaka ogona chipinda chimodzi, chifukwa amachitirana manyazi ndipo amavomerezana msanga. Akapezeka 8 okha, yambani ndi magawo 8 olemera kwambiri, anayi otsalawo muwalembe kuti alibe mwini. Mpata woonekera poyera umakoka anthu kuposa pempho, ndipo kusenzetsa anthu ochepa magawo awiriawiri ndiyo njira yachidule yowathawitsira.

Konzani dokyumentiyo

Ntchito iyi ndi yosavuta pa laputopu kapena pa kompyuta ya kulaibulale kusiyana ndi pafoni. Tsegulani dokyumenti yatsopano, ipatseni dzina lokhala ndi kosi ndi chaka kuti anthu asadzaisokoneze ndi ina. Pamwamba penipeni ikani tebulo la mizati isanu: nambala ya gawo, mutu ndi malire ake, wolemba, woona, ndi pamene ntchito yafika. Mzati womalizawu ukhale ndi mawu atatu okha oti anthu azisankhapo: "sindinayambe," "ndalemba," "zaonedwa." Tebulo limeneli ndi limene lidzakupulumutsani ku ntchito yofunsa munthu mmodzimmodzi kuti wafika pati.

Pansi pa tebulo lembani malamulo a kalembedwe, kenako mitu yonse 12 motsatana. Mutu uliwonse muupatse sitayilo ya Heading 1. Pa kompyuta ya Windows mumadina Ctrl+Alt+1 cholozera chili pa mzere wa mutuwo. Pafoni, mu apu ya Google Docs, mumadina chizindikiro cha A pamwamba, kenako Style, n'kusankha Heading 1. Ubwino wake ndi wakuti mitu yolembedwa motere imadzisonkhanitsa yokha pa mndandanda wam'mbali, umene pafoni mumaupeza podina timadontho titatu n'kusankha Document outline. Munthu amadina mutu n'kufika pomwepo. Mutu umene wangokulitsidwa zilembo n'kudetsedwa umaoneka ngati mutu m'maso, koma pa mndandandawo ukhoza kusaoneka, ndipo wofuna gawo 9 pafoni adzapukusa chala masamba ambirimbiri.

Tsopano lembani gawo lanu, kapena tsamba lake loyamba, musanatumize uthenga. Anthu amatsanzira chimene akuchiona kuposa chimene auzidwa. Akatsegula linki n'kupeza mitu yopanda kanthu, amatseka. Akapeza gawo limodzi lolembedwa bwino, amadziwa kutalika kwake, kuzama kwake, ndipo amaona kuti ntchitoyo ndi yotheka.

Malamulo a kalembedwe asapitirire asanu

Lamulo lililonse liyenera kuthetsa vuto lenileni. Ngati simungatchule vuto limene lamulo likuthetsa, lichotseni. Kumbukiraninso kuti ambiri adzalemba pafoni, mwina ali m'minibasi kapena pabedi kuhositelo, ndiye lamulo lofuna kudina malo asanu silidzatsatidwa.

Loyamba ndi la mitu: mutu wa gawo ndi Heading 1, timitu tam'kati ndi Heading 2, zina zonse ndi Normal text. Palibe kusintha mtundu wa zilembo, kukula kwake, kapena kupaka utoto. Izi si za kukongola kokha. Dokyumenti ya mitundu khumi ya zilembo imatopetsa maso, ndipo mukaisindikiza pa makina osatulutsa utoto, mawu opakidwa chikasu kapena obiriwira amatuwa mpaka kuvuta kuwerenga.

Lachiwiri ndi la kutalika: masamba awiri pa gawo, osapitirira. Magawo 12 akupatsani masamba pafupifupi 24, amene munthu angawerenge madzulo awiri ndi kuwasindikiza pa mtengo wopiririka. Popanda malire, wina adzalemba masamba khumi ndi awiri, wina theka la tsamba, ndipo mudzakhala mwangopanga buku lina. Malire amakakamizanso wolemba kusankha chofunika, ndipo m'kusankhamo ndi mmene iye mwini amaphunzirira.

Lachitatu ndi la dongosolo la m'kati. Gawo lililonse liyende mofanana: matanthauzo a mawu ofunika, kenako mmene chinthucho chimagwirira ntchito, kenako manambala oti aloweze, pomaliza mafunso atatu ndi mayankho ake. Mawu atsopano adetsedwe pamene akutchulidwa koyamba basi. Manotsi enieniwo mudzawalemba m'Chingerezi popeza mayeso ali m'Chingerezi, koma palibe choletsa kuwonjezera mzere wa Chichewa pamene mfundo yavuta. Kachidutswa ka gawo la mtima, monga kakuonekera pa sikirini, kangakhale motere:

```
Cardiac output: CO = HR × SV
70 beats/min × 70 ml = 4,900 ml/min
(Lecture 5, slide 14)
```

Mzere wachiwiriwo ukuonetsa kuti mtima wogunda ka 70 pa mphindi, n'kumatulutsa mamililita 70 pa kugunda kulikonse, umapopa pafupifupi malita asanu pa mphindi. Fomula yopanda chitsanzo cha manambala imaiwalika msanga, choncho pemphani kuti fomula iliyonse ikhale ndi chitsanzo chimodzi chowerengetsedwa.

Mzere wachitatuwo ndi lamulo lachinayi: nambala iliyonse ndi tanthauzo lililonse zikhale ndi kumene zachokera, kaya lekicha ndi silayidi, kaya buku ndi tsamba. Lamuloli limaoneka lotopetsa, koma ndi limene limachititsa kuti ntchito ya woona itheke mu ola limodzi m'malo mwa tsiku lonse. Limathandizanso pamene buku ndi alekichara akusiyana pang'ono pa nambala, zimene zimachitika kawirikawiri m'fiziyoloje chifukwa manambala ambiri ndi ongoyerekeza a munthu wamkulu wathanzi. Zikatero lembani zonse ziwiri ndipo muonetse kuti ya alekichara ndi iti.

Lachisanu ndi la ulemu: osafufuta kapena kusintha m'gawo la mnzako. Ukaona cholakwika, ika ndemanga. Pa kompyuta umasankha mawuwo n'kudina Ctrl+Alt+M. Kapena sintha kuchoka pa Editing kupita pa Suggesting, kuti zimene walembazo zioneke ngati ganizo limene mwini gawo angavomereze kapena kukana. Mikangano yambiri ya m'madokyumenti otere imayamba pamene munthu wabwerera n'kupeza ndime imene anaivutikira usiku wonse yasinthidwa popanda womuuza.

Pali zinthu ziwiri zimene si malamulo kwenikweni koma muziike pansi pake ngati malangizo. Pomata mawu ochokera kwina pa kompyuta, anthu adine Ctrl+Shift+V m'malo mwa Ctrl+V, kuti mawuwo asabwere ndi zilembo ndi utoto wa kumene achokera. Ndipo zithunzi za masamba a m'kope zisalowe. Zimalemeretsa dokyumenti, zimadya bandulo ya aliyense woitsegula, ndipo mawu a m'chithunzi sapezeka munthu akamafufuza ndi Ctrl+F. Chojambula chimodzi pa gawo, monga cha zipinda zinayi za mtima, ndi chokwanira.

Ndani angalembemo

Mukadina Share, pansi pa General access pali zosankha ziwiri: Restricted ndi Anyone with the link. Chokopa n'kusankha chachiwiricho n'kupatsa aliyense mphamvu ya Editor, chifukwa n'chachangu. Ine sindingakulangizeni zimenezo. Linki ya m'gulupu imayenda, imafika kwa a chaka china ndi a sukulu ina, ndipo munthu wolowa osalembetsa ndi akaunti yake amaoneka ndi dzina la nyama yosadziwika. Akafufuta tsamba mwangozi, foni ili m'thumba kapena mwana akuiseweretsa, simudzadziwa woti mumufunse.

Chitani chonchi: linki ya aliyense ikhale ya Commenter, kuti kalasi yonse iziwerenga ndi kuika ndemanga, koma olemba ndi oona okha muwaonjezere ndi ma imelo awo ngati Editor. Afunseni imelo imene analowa nayo pafoni yawo, chifukwa ambiri ali ndi ziwiri, yasukulu ndi yawoyawo, ndipo mukaika inayo adzakuuzani kuti dokyumenti ikukana.

Ngakhale mutasamala, tsiku lina chinthu chidzasowa. Pa kompyuta pitani pa File, kenako Version history, kenako See version history. Mudzaona mmene dokyumenti inalili masiku apitawo ndi dzina la amene anasintha. Chenjerani ndi batani la Restore this version: limabwezera dokyumenti yonse mmbuyo, ndiye ntchito imene anthu ena alemba kuchokera tsiku limenelo imachoka pa tsamba. Chabwino n'kukopera ndime yosowayo kuchokera m'mbiriyo n'kuimata pamalo pake.

Musaiwale amene alibe bandulo

M'kalasi iliyonse muli anthu amene amagula bandulo ya WhatsApp yokha, ndipo bandulo yotere siitsegula Google Docs. Muli ena amene foni yawo yadzaza moti apu ina siingalowe, ndi ena opanda foni yamakono n'komwe. Anthu amenewa sadzanena vuto lawo pagulu. Adzangokhala chete, inu n'kumaganiza kuti ndi aulesi, pamene mwina ndi amene ali ndi manotsi abwino kwambiri m'kope.

Uthenga wanu utchule njira yawo asanafunse. Angathe kulemba gawo lawo pa WhatsApp kapena papepala, wina n'kuwamatira kapena kuwatayipira, dzina la wolemba likhalebe lawo. Angathenso kukhala oona, pogwiritsa ntchito tsamba losindikizidwa ndi cholembera. Ndipo Lachisanu lililonse inu muzitsitsa dokyumenti yonse ngati PDF, podina File, Download, PDF Document, n'kuiponya m'gulupu. Muziika deti pa dzina la fayiloyo kuti anthu asamawerenge yakale imene inali ndi zolakwika. Amene ali ndi apu auzeni kuti akakhala pa waifai ya pasukulu ayatse Available offline pa dokyumentiyo, kuti azitha kuwerenga ndi kulemba netiweki ikasowa. Zimene alembazo zimakalowa foni ikalumikizikanso.

Masiku

Werengani chobwerera kuchokera pa tsiku la mayeso. Manotsi amene atha mawa lake kuli mayeso sathandiza munthu, choncho siyani milungu iwiri yathunthu yowerenga. Pa milungu isanu ija, uthenga utuluke Lolemba la mlungu woyamba. Anthu asankhe magawo pofika Lachitatu. Kulemba kuthe Loweruka la mlungu wachiwiri, kutanthauza masiku khumi, okwanira masamba awiri ngakhale kwa munthu amene ali ndi ma asayimenti ena. Oona amalize Lachitatu la mlungu wachitatu, eni magawo akonze zimene zapezeka, ndipo Lachisanu mutseke. Tsiku lililonse likhale ndi ola lake. "Kumapeto kwa sabata" aliyense amakumva mwakemwake.

Uthenga weniweniwo

Musanauponye, lankhulani ndi anthu atatu kapena anayi pamaso, aliyense asankhiretu gawo, mayina awo alowe m'tebulo. Uthenga wofika ndi mayina anayi kale umalandiridwa mosiyana ndi wa munthu mmodzi amene akupempha. Muuzenso kalasi repu, kuti asaone ngati mwamudumpha komanso kuti aukhome uthengawo pamwamba pa gulupu. Utumizeni madzulo anthu ataweruka, osati pakati pa lekicha.

Uthengawo uyambe ndi chimene munthu apindule ndi chimene apereke, zonse m'mizere iwiri yoyamba, chifukwa ambiri amawerenga pokhapo. Nachi chitsanzo chimene mungasinthe malinga ndi kosi yanu:

"Anzanga nonse, madzulo abwino. Mayeso a fiziyoloje atsala milungu isanu. Ndakonza dokyumenti imodzi yoti tigawane mitu: iwe ulemba masamba awiri a mutu umodzi, ulandira masamba 24 a kosi yonse, oonedwa kale ndi mnzako.

Mitu ilipo 12, ili m'tebulo pamwamba pa dokyumenti. Linki ndi iyi. Gawo 2 ndalemba kale kuti muone mmene zizionekera. Magawo 1, 2, 7 ndi 10 atengedwa, asanu ndi atatu akudikira.

Ngati mukufuna kulowa, yankhani pompano ndi nambala ya gawo limene mwasankha, kenako munditumizire imelo yanu kumbali, pofika Lachitatu 8 koloko madzulo. Woyamba kutchula nambala ndi amene watenga. Amene sakufuna kulemba angathe kukhala woona gawo la mnzake.

Malamulo ndi asanu okha, ali m'dokyumentimo: mitu ikhale Heading 1 ndi Heading 2, masamba awiri basi, dongosolo lofanana ndi la gawo 2, kutchula kumene nambala iliyonse yachokera, ndi kusasintha za mnzako koma kuika ndemanga.

Kulemba kutha Loweruka la mlungu wamawa, 8 koloko madzulo. Kuona kutha Lachitatu lotsatira. Lachisanu lake titseka ndipo ndiponya PDF muno.

Amene bandulo kapena foni ikuvuta, mundipeze kumbali, tikutayipirani. Palibe wokakamizidwa, ndipo PDF alandira aliyense."

Onani kuti uthengawu sukufunsa kuti "mukuganiza bwanji?" Funso limenelo limatsegula mtsutso wa masiku atatu wa ngati Google Docs ndi yabwino kuposa Word, ndipo nthawi imatha. Sukudzudzulanso aliyense, ndipo mulibe mawu ngati "tisakhale aulesi," amene amachititsa anthu kudziteteza m'malo molowa. Ukupempha chinthu chimodzi chaching'ono chimene munthu angachite m'masekondi ochepa: kulemba nambala. Ena amakonda kugwiritsa ntchito voti ya pa WhatsApp, imene imalola zosankha mpaka 12, koma votiyo siletsa anthu asanu kusankha gawo limodzi losavuta. Kuyankha ndi nambala kumaonetsa poyera amene anayamba.

Mzere womaliza uja, woti PDF alandira aliyense, ena adzautsutsa. Adzati n'chifukwa chiyani amene sanagwire ntchito adye nawo. Ndikuumvetsa mtima umenewo, koma ine ndimaima poti mupereke kwa onse. Fayilo singabisike m'kalasi, idzayenda ndithu, ndipo kuyesa kuibisa kumangobweretsa magulu ndi maudani. Komanso wolemba gawo ndi woliona apindula kale kuposa wongowerenga, chifukwa mutuwo aukumba okha.

Pambuyo potumiza

Lachitatu usiku lembani mayina onse m'tebulo, onjezerani ma imelo, ndipo ponyani uthenga wachidule wotchula magawo amene atsala. Musafunse gulu lonse kuti ndani atenge. Pitani kwa munthu mmodzi amene mukudziwa kuti mutuwo amaumva, mumupemphe mwachindunji.

Chizindikiro choyamba choti zinthu zikupendekeka mudzachiona pakati pa mlungu wachiwiri: gawo limene mutu wake ukadali wopanda mzere ngakhale umodzi. Musadikire Loweruka. Mulembereni mwini wake kumbali, osati pagulu, mumufunse ngati pali chovuta ndipo mumupatse njira yotulukira mwaulemu, monga kusinthana ndi woona wake. Chizindikiro chachiwiri ndi gawo limene ladzaza tsiku limodzi ndi masamba asanu osalala bwino. Kawirikawiri amenewo ndi mawu omata kuchokera pa intaneti kapena m'masilayidi. Mudzawazindikira poona kuti muli zinthu zimene simunaphunzire ndipo mulibe manambala a lekicha. Musakangane naye. Mukumbutseni lamulo la masamba awiri ndi la kutchula gwero, chifukwa pofupikitsa adzakakamizika kuwerenga zimene anamatazo. Chachitatu ndi woona amene walemba "zaonedwa" popanda ndemanga ngakhale imodzi. Masamba awiri olembedwa ndi wophunzira sakhala opanda pokonza. Mupempheni atchule manambala atatu amene wawafananitsa ndi buku.

Wolemba ndi woona akasiyana maganizo pa mfundo, asakokane m'ndemanga mpaka kalekale. Alembe funsolo pa tsamba lomaliza la dokyumenti, pansi pa mutu wa mafunso opita kwa alekichara, ndipo kalasi repu akawafunse onse pamodzi pa lekicha yobwereza.

Pali zinthu zimene zisalowe m'dokyumentiyi ngakhale wina atapempha. Mayankho a asayimenti imene aliyense akuyenera kupereka yekha kuti achongedwe asalowe, chifukwa kumeneko ndi kukoperana ndipo masukulu amalanga onse, wopereka ndi wolandira. Kwa inu a zaumoyo, dzina la wodwala, chithunzi chake kapena cha fayilo yake ya kuwodi zisalowe, ngakhale chitsanzocho chikhale chothandiza chotani. Fotokozani matendawo popanda chilichonse chomuzindikiritsa munthuyo.

Lachisanu lotseka likafika, yang'anani kuti mzati womaliza wa tebulo ukunena "zaonedwa" pa magawo onse. Gawo limene silinaonedwe mulilembe chenjezo pamwamba pake kuti owerenga afananitse okha ndi buku. Pitani pa File, Version history, Name current version, mulembe dzina ndi deti. Kenako bwererani pa Share, musinthe onse kuchoka pa Editor kupita pa Commenter, mutsale inu ndi munthu mmodzi wina woti azikonza zolakwika zimene zingapezeke m'milungu iwiri yowerengayo. Chilichonse chimene mwakonza pambuyo pa tsikuli muzichilengeza m'gulupu, kutchula gawo, mzere wakale ndi mzere watsopano, chifukwa amene anasindikiza kale PDF ayenera kukonza ndi cholembera pa pepala lawo.